Mzere wosalala wodutsa pa timadontho, ndi funso la kumapeto kwake

Wopanga filimu ya zithunzi zapakompyuta sajambula pamanja chithunzi chilichonse chimene timaona. Pa sekondi imodzi filimu imaonetsa zithunzi 24, ndipo kuuza kompyuta pamene mpira, dzanja kapena kamera ili pa chithunzi chilichonse ndi ntchito yosatha. Choncho iye amangosankha malo ochepa ofunika: apa mpira uli pansi, apa wakwera, apa wafika pamwamba penipeni. Zapakati pa malo amenewa amasiyira kompyuta kuti idzaze yokha. Ntchito yomweyi imapezekanso kwa wokonza mapu amene ali ndi timadontho tochepa tosonyeza mmene msewu wayendera, ndi kwa wojambula galafu amene ali ndi miyeso khumi koma akufuna mzere umodzi wodutsa pa yonseyo.

Njira yosavuta ndi kulumikiza timadonthoto ndi mizere yowongoka ngati ya rula. Koma potero pa kadontho kalikonse pamakhala ngodya, ndipo chinthu choyenda pa mzere wotero chimagwedezeka, n'kumasintha liwiro mwadzidzidzi. Maso a munthu sachedwa kuona zimenezi. Chofunika ndi mzere wokhota bwino, wosathyoka, umene ukudutsa ndendende pa kadontho kalikonse. Mizere yotere akatswiri amaitcha masipulaini. Kale amisiri a zombo ankaijambula ndi kathabwa kopyapyala kopindika, kamene ankakapanikiza ndi zitsulo zolemera za mtovu pa malo osankhidwa, kenako n'kutsata m'mbali mwake ndi pensulo. Lero kathabwako kanalowedwa m'malo ndi masamu.

M'chaka cha 1974, Edwin Catmull ndi Raphael Rom, a pa yunivesite ya Utah ku Amereka, anafalitsa njira yawo yokokera mizere yotere. Catmull ndi yemwe uja anadzakhala mmodzi wa oyambitsa kampani ya mafilimu ya Pixar. Njira yodziwika ndi mayina awo awiriwa ndi yaifupi moti munthu akhoza kuiwerengera papepala, ndipo pakati pa mzere imagwira ntchito popanda kufunsa china chilichonse. Koma pa kadontho koyamba ndi kotsiriza imasowa chogwira, ndipo pamenepo munthu ndiye ayenera kusankha. Ambiri amene amagwiritsa ntchito njirayi sadziwa n'komwe kuti pali chosankha, chifukwa pulogalamu inawasankhira kale mwakachetechete.

Kolowera ndi liwiro pa kadontho kalikonse

Taganizani za munthu wokwera njinga amene wauzidwa kuti adutse pa zizindikiro zisanu zoikidwa pabwalo. Kudziwa pamene zizindikirozo zili sikokwanira kuti tidziwe njira yake. Tiyenera kudziwanso kumene njinga yaloza podutsa pa chizindikiro chilichonse, ndiponso kuti ikuthamanga bwanji. Akadutsa mothamanga kwambiri, amapita patali asanakhote. Akadutsa pang'onopang'ono, amakhota pompo. Zinthu ziwirizi, kolowera ndi liwiro, zikaphatikizidwa zimatchedwa tanjenti. Mzere umakhala wosalala ngati tanjenti imene wafika nayo pa kadontho ndi yomweyo imene wachoka nayo.

Nzeru ya Catmull-Rom yagona pa kapezedwe ka tanjenti imeneyi. Kuti mudziwe tanjenti pa kadontho kena, musayang'ane kadonthoko ayi. Yang'anani anzake awiri oyandikana nako, kambuyo ndi kakutsogolo. Chotsani kambuyo pa kakutsogolo, ndipo zotsalazo muzigawe pawiri. Polemba mwachidule, P akuimira kadontho, m akuimira tanjenti:

```
m[i] = (P[i+1] - P[i-1]) / 2
```

Timagawa pawiri chifukwa kuchoka pa kadontho kambuyo kufika pa kakutsogolo pali masitepe awiri, pamene ife tikufuna kusintha kwa pa sitepe imodzi. Pa pepala zimaoneka motere: mukakoka mzere wowongoka wolumikiza timadontho tiwiri toyandikana nako tija, mzere wokhota udzadutsa pa kadontho kapakati utaloza mbali yomweyo.

Tikadziwa matanjenti, chigawo chilichonse cha pakati pa timadontho tiwiri chimakokedwa pachokha. Chili ndi zinthu zinayi zodziwika: poyambira, pothera, tanjenti yoyambira ndi tanjenti yothera. Pali mzere umodzi wokha wa mtundu wa kiyubiki, kutanthauza wa masamu amene nambala imachulukitsidwa ndi iyo yokha mpaka katatu, umene umakwaniritsa zinayi zonsezi. Kawerengedwe kake kamadziwika ndi dzina la Charles Hermite, katswiri wa masamu wa ku France wa m'zaka za m'ma 1800. Sitifunika kukalemba konse pano, chifukwa pali kachidutswa kake kosavuta kamene kangatithandize kuyesa chilichonse: malo amene mzere umakhala pa theka la ulendo wa chigawo.

```
pakati = (P0 + P1) / 2 + (m0 - m1) / 8
```

Mbali yoyamba ndi pakati pa mzere wowongoka. Mbali yachiwiri ndi kukhota kumene matanjenti akuwonjezera. Matanjenti awiri akafanana, mzere umadutsa pakati penipeni. Akasiyana, umatukumukira mbali imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kusiyana kwawo. Ngati timadontho tili pa mapu, tili ndi manambala awiri, wopingasa ndi wokwera, mumangochita masamu omwewa kawiri, nambala iliyonse payokha.

Mpira woponyedwa m'mwamba

Tiyeni tiyese njirayi pa chinthu chimene yankho lake lenileni tikulidziwa. Mpira waponyedwa m'mwamba molunjika pa liwiro la mamita 20 pa sekondi. Mphamvu yokoka ya dziko imachepetsa liwirolo ndi mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi iliyonse, koma kuti masamu asavute tinena 10, ndipo za mphepo tizisiye. Tikayeza kutalika kwake sekondi iliyonse tipeza timadontho tisanu: poyamba mamita 0, kenako 15, kenako 20, kenako 15, pomaliza 0. Sayansi ya kayendedwe ka zinthu imatipatsa kutalika kwenikweni pa nthawi ina iliyonse t:

```
h = 20*t - 5*t*t
```

Tsono tiyerekeze kuti lamuloli sitikulidziwa, tili ndi manambala asanu aja basi. Pa sekondi yoyamba, kumbuyo kuli 0 ndipo kutsogolo kuli 20. Kusiyana kwake ndi 20, theka lake ndi 10. Pa sekondi yachiwiri, kumbuyo kuli 15, kutsogolo kulinso 15, choncho tanjenti ndi 0, ndipo n'zoona chifukwa mpira ukafika pamwamba penipeni umaima kaye. Pa sekondi yachitatu tanjenti ndi -10, kusonyeza kuti ukutsika. Manambala atatu onsewa ndi liwiro lenileni la mpirawo pa nthawi zimenezo, osaphonya ngakhale pang'ono.

Nanga pa sekondi imodzi ndi theka mpira uli pati? Pakati pa 15 ndi 20 ndi 17.5. Matanjenti ndi 10 ndi 0, kusiyana kwawo tikakugawa ndi 8 tipeza 1.25. Kuphatikiza, mamita 18.75. Lamulo la sayansi lija likupereka 30 kuchotsa 11.25, yomwenso ndi 18.75. Si mwayi ayi. Mzere wa mpira woponyedwa ndi parabola, ndipo pa timadontho totalikirana mofanana njira ya Catmull-Rom imabweza parabola yeniyeni pa zigawo zonse zapakati.

Palinso ubwino wina umene opanga mafilimu ndi masewera amaukonda. Chigawo chilichonse chimadalira timadontho tinayi tokha: tiwiri take ndi kamodzi mbali iliyonse. Mukasuntha kadontho kamodzi, zigawo zinayi zokha zoyandikana nako ndizo zimasintha, kwina konse kumakhala mmene kunalili. Wojambula akhoza kukonza pakati pa filimu popanda kuopa kuti waononga koyambirira kumene anamaliza kale.

Pamene lamulo lathera

Tibwerere pa kadontho koyamba, pamene mpira ukuchoka m'manja. Lamulo likuti tiyang'ane kumbuyo, koma kumbuyoko kulibe kanthu. Pa kadontho kotsiriza nakonso kulibe chakutsogolo. Tikangotsata lamulo osawonjezera kanthu, pa timadontho tisanu tidzapeza zigawo ziwiri zokha m'malo mwa zinayi. Ichi ndiye chizindikiro choyamba chodziwira vutoli: mzere ukuyambira pa kadontho kachiwiri n'kuthera pa kachiwiri kuchokera kumapeto, toyamba ndi totsiriza tatsala patokha.

Kuti mzere ufike kumapeto, tiyenera kupereka tanjenti imene timadontho sitingatiuze tokha. Njira zodziwika zilipo zingapo, ndipo iliyonse ikunena kanthu kena za zimene zinkachitika tisanayambe kuyeza. Poti yankho lenileni tikulidziwa, tikhoza kuziyeza zonse ndi muyeso umodzi. Mpira unachoka pa liwiro la 20, ndipo pa theka la sekondi unali pa mamita 8.75. Pakati pa mzere wowongoka wa chigawo choyamba ndi 7.5, ndipo tanjenti yothera ndi 10. Chimene chizisintha ndi tanjenti yoyambira yokha.

Njira yoyamba ndi kunena kuti tanjenti ndi 0, ndiye kuti chinthucho chinayamba chili chiimire. Pa theka la sekondi mzere upereka 7.5 kuchotsa 1.25, yomwe ndi mamita 6.25. Taphonya ndi mamita awiri ndi theka. Pa kanema, mpira uoneka ngati ukunyamuka mwaulesi kenako n'kuthamanga, zimene mpira woponyedwa suchita. Koma musaitaye njirayi. Ngati mukuyendetsa kamera, chikepe chokwera m'nyumba zosanja kapena mkono wa makina, zimene zimayambadi zili chiimire n'kukaima pang'onopang'ono, 0 ndiye yankho loona.

Njira yachiwiri ndi imene olemba mapulogalamu ambiri amafikira msanga, chifukwa ndi yosavuta kulemba: kubwereza kadontho koyamba kawiri, kuti kakhalenso mnzake wa kumbuyo. Pamenepo tanjenti ndi 15 kuchotsa 0, kugawa pawiri, 7.5. Taonani chimene chachitika. Mtunda wa sitepe imodzi taugawa ngati kuti ndi wa masitepe awiri, motero liwiro latsika kufika pa theka la liwiro la chigawocho. Pa theka la sekondi mzere uli pa mamita pafupifupi 7.19. Uku kuli ngati kunena kuti mpira unakhala pansi sekondi yathunthu usanayambe kukwera, ndipo mzere ukuyesetsa kusalaza kunyamukako. Zotsatira zake zimaoneka ndi maso: chigawo choyamba chimakhota kawiri ngati chilembo cha S, choyamba kupindikira m'mwamba kenako pansi, pamene mzere weniweni wapindikira pansi ponseponse. Mukaona S wotere kumapeto kwa galafu pamene miyeso yanu sikusonyeza chifukwa chake, kayikirani njira imeneyi.

Njira yachitatu ndi kupanga kadontho kongoyerekeza kumbuyo, potembenuza sitepe yoyamba. Ngati kuchoka pa koyamba kufika pa kachiwiri tinakwera mamita 15, ndiye kuti kadontho kongoyerekezako tikaike mamita 15 pansi pa koyamba, pa -15. Lamulo lija tsopano lapeza chogwira: 15 kuchotsa -15 ndi 30, theka lake 15. Mwachidule, mzere ukuchoka utaloza molunjika pa kadontho kachiwiri, pa liwiro la chigawo chonsecho. Pa theka la sekondi uli pa mamita 8.125, ndipo taphonya ndi 0.625 yokha. S uja sanathe kwenikweni, koma wachepa moti savuta kumubisa. Njira imeneyi ndi yodalirika pamene simukudziwa kanthu za kunja kwa miyeso yanu, ndipo ndi imene imagwiritsidwa ntchito mu `CatmullRomCurve3`, chida cha three.js chojambulira zinthu pa intaneti, mzere ukakhala wosatsekeka.

Njira yachinayi imatsanzira kathabwa ka amisiri a zombo kaja. Kupitirira chitsulo chotsiriza palibe chokapinda, choncho kumapeto kwake kamawongoka. M'masamu timasankha tanjenti imene ikuchititsa kuti kupindika kukhale 0 pa kadontho koyamba. Tichulukitsa 15 ndi 3, tichotsa tanjenti yothera ija ya 10, tigawa pawiri, tipeza 17.5. Pa theka la sekondi mzere uli pa mamita pafupifupi 8.44. S wathiratu, mzere ukuyamba wowongoka n'kumapindika pang'onopang'ono. Pojambula maonekedwe a chinthu, monga m'mphepete mwa chilembo kapena mwa bwato, mapeto otere amasangalatsa maso.

Njira yachisanu imamvera timadontho titatu toyamba m'malo mwa tiwiri. Imati: timadontho titatu timeneti tikusonyeza kale mmene mzere ukupindikira, tiyeni tipitirize kupindika komweko mpaka poyambira. Ndiko kukoka parabola yodutsa pa 0, 15 ndi 20, n'kutenga tanjenti yake. Tichulukitsa 15 ndi 4 kupeza 60, tichotsa 20, tigawa pawiri, yankho ndi 20. Limeneli ndi liwiro lenileni la mpira, ndipo pa theka la sekondi mzere uli pa mamita 8.75 ndendende. Njira zisanuzi tikaziika pamodzi zili motere:

```
m0 = 0
m0 = (P1 - P0) / 2
m0 = P1 - P0
m0 = (3*(P1 - P0) - m1) / 2
m0 = (-3*P0 + 4*P1 - P2) / 2
```

Kumapeto kwina mumachita zomwezo mobwerera, koma samalani ndi chizindikiro chochotsera. Pa mpira wathu tanjenti yotsiriza iyenera kukhala -20, chifukwa ukugwa. Mukalemba 20, mzere udzalowa pansi pa nthaka chakumapeto kwa chigawo chotsiriza kenako n'kutulukira pa kadontho kotsiriza ukukwera. Kambedza kotero kumapeto kwa mzere nthawi zambiri ndi chizindikiro chimene chatembenuzidwa.

Chifukwa chake parabola siipambana nthawi zonse

Wina akhoza kuganiza kuti nkhani yatha, njira yachisanu ndiyo yabwino koposa. Koma yapambana chifukwa mpira woponyedwa umayendadi pa parabola. Inaganiza zoona za chinthu chimene tinasankha. Ikakumana ndi miyeso ya mtundu wina imatha kusokeretsa kuposa zinzake.

Tiyerekeze kuti tikujambula galafu ya mvula, ndipo miyezi itatu yoyamba yapereka mamilimita 0, 1 ndi 10. Njira ya parabola ikuti tichulukitse 1 ndi 4, tichotse 10, tigawe pawiri. Yankho ndi -3. Mzere ukuyamba ndi kutsika, ngakhale miyeso yonse ikukwera. Tanjenti ya kadontho kachiwiri ndi 5, choncho pakati pa chigawo choyamba pali 0.5 kuchotsa 1, yomwe ndi -0.5. Galafu ikusonyeza mvula yochepera pa 0, chinthu chimene sichingachitike. Parabolayo inaona kupindika kwakukulu pakati pa mwezi wachiwiri ndi wachitatu, ndipo inakupitiriza mpaka kumene kunalibe.

Vuto lachiwiri ndi la miyeso yolakwika pang'ono, monga momwe miyeso yeniyeni imakhalira. Pa mpira uja, tinene kuti woyeza analemba 16 m'malo mwa 15. Pa njira yobwereza kadontho, tanjenti yoyambira isintha ndi theka. Pa njira yotembenuza sitepe isintha ndi 1. Pa njira ya parabola isintha ndi 2, chifukwa nambala imeneyi imachulukitsidwa ndi 4 isanagawidwe pawiri. Njira imene ili yolondola kwambiri pa miyeso yoyera ndi yomwenso imakulitsa kwambiri zolakwika za miyeso yokayikitsa. Ngati timadontho tanu tachokera pa chala cholemba pa foni kapena pa chida cha GPS chimene chimagwedezeka, njira yotembenuza sitepe imakhala yodekha.

Tisaiwale kuti pa chitsanzo cha mvula chija vuto silili kumapeto kokha. Ngakhale titasankha tanjenti yoyambira ya 1, mzere umakwera pang'ono, n'kubwerera pa 0 pakati pa chigawo, kenako n'kukweranso. Chikuukoka ndi tanjenti ya 5 ija, imene yakula kwambiri poyerekeza ndi chigawo chokwera ndi 1 yekha. Ili ndi khalidwe la Catmull-Rom paliponse pamene malo athyathyathya akumana ndi phiri: mzere umayamba watsika usanakwere. M'chaka cha 1980, Fritsch ndi Carlson anasonyeza malire othandiza pa nkhaniyi. Ngati matanjenti onse awiri a chigawo aloza mbali imene chigawocho chikupita, ndipo palibe imene yaposa katatu kukwera kwa chigawocho, mzere subwerera m'mbuyo. Pa mvula yathu, ndiye kuti 5 uja timudule akhale 3, ndipo tanjenti yoyambira isatsike pansi pa 0. Pa miyeso imene siyenera kupitirira malire ena, monga mvula, mitengo ya katundu kapena chiwerengero cha anthu, kudula kotere n'kofunika kuposa kukongola kwa mzere.

Pamene palibe chongoganizira

Nthawi zina yankho limakhala lili pafupi, kungoti munthu sanaliyang'ane. Ngati mzere ndi wotsekeka, monga bwalo la mpikisano wa magalimoto kapena gombe la chilumba pa mapu, mapeto kulibe. Mnzake wa kumbuyo wa kadontho koyamba ndi kadontho kotsiriza, ndipo wakutsogolo wa kotsiriza ndi koyamba. Chofunika kusamala n'chakuti musalembe kadontho koyamba kawiri, koyambirira ndi kumapeto kwa mndandanda, chifukwa mukatero mudzapanga kachigawo kopanda utali kamene kamabala kamfundo polumikizirapo.

Ngati mzere wanu ndi chidutswa cha mzere wautali, monga msewu umene wadulidwa ndi malire a pepala la mapu, tengani kadontho kamodzi kenikeni kunja kwa malire mbali iliyonse. Timeneti simutijambula, ntchito yake ndi kupereka tanjenti basi. Mukapanda kutero, mapepala awiri oyandikana adzasankha matanjenti osiyana pa kadontho kamodzi komweko, ndipo msewu udzathyoka polumikizira.

Ndipo ngati liwiro loyambira mukulidziwa, lilembeni mwachindunji. Apa pali msampha umodzi umene umakola anthu ambiri. Masamu a chigawo amayesa tanjenti pa sitepe imodzi, osati pa sekondi. Pa mpira wathu sitepe inali sekondi imodzi, n'chifukwa chake manambala anagwirizana. Tikanayeza pa theka lililonse la sekondi, liwiro la mamita 20 pa sekondi likanalowa ngati 10, chifukwa ndiwo mtunda wa pa sitepe imodzi. Woiwala kuchulukitsa ndi utali wa sitepe amaona chigawo choyamba chitatukumuka kwambiri pamene zinzake zonse zili bwinobwino.

Timadontho totalikirana mosiyana

Zonse tanenazi zatsamira pa ganizo lakuti masitepe ndi ofanana. Pa mapu sizikhala choncho kawirikawiri. Timadontho timathithikana pokhota msewu, n'kutalikirana pamene wawongoka. Taganizani za timadontho tiwiri totalikirana ndi mita imodzi, pamene anzawo a mbali zonse ali pa mtunda wa mamita 100. Lamulo lija lipereka matanjenti a mamita pafupifupi 50 kwa kachigawo ka mita imodzi. Mzere umalowa m'kachigawoko ndi liwiro loposa malo amene ulipo, ndiye umapitirira, n'kubwerera, n'kupanga kalupu kapena kansonga kakuthwa.

Mankhwala ake ndi kupatsa chigawo chilichonse nthawi yakeyake molingana ndi utali wake. Njira imene yatchuka imatenga nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha ipereka utaliwo. Chigawo cha mamita 100 chimalandira nthawi 10, cha mita imodzi chimalandira 1. M'mapulogalamu njirayi imalembedwa `centripetal`, kapena ngati nambala `alpha` yoikidwa pa 0.5, pamene 0 ndi njira yakale ya masitepe ofanana. Cem Yuksel, Scott Schaefer ndi John Keyser anatsimikizira ndi masamu kuti pa 0.5 chigawo sichingadzipingase chokha kapena kupanga nsonga mkati mwake. N'chifukwa chake `CatmullRomCurve3` ndi `curveCatmullRom` ya D3 zimayambira pa njira imeneyi munthu akapanda kusankha ina.

Izi zikukhudzanso mapeto. Pa njira imeneyi masamu amagawa ndi nthawi ya chigawo. Mukabwereza kadontho koyamba kawiri, utali wa pakati pa tiwiriti ndi 0, nthawi yake ndi 0, ndipo kompyuta ikufunsidwa kugawa ndi 0. Ngati pulogalamu sinatetezedwe, chigawo choyamba chimangosowa, kapena pa sikirini pamatuluka `NaN` m'malo mwa nambala. Kadontho kongoyerekeza kotembenuza sitepe kalibe vuto limeneli, chifukwa kali pa mtunda wofanana ndi wa chigawo choyamba.

Kasankhidwe kake

Cholimbitsa mtima n'chakuti chilichonse chimene mungasankhe chimakhudza chigawo choyamba ndi chotsiriza basi. Pa mpira wathu, njira zonse zisanu zikupereka 18.75 yemweyo pa sekondi imodzi ndi theka. Koma zigawo ziwirizo si zazing'ono. Pa timadontho tisanu ndi theka la mzere wonse, ndipo pa galafu chigawo chotsiriza ndi chimene owerenga amayang'anitsitsa pofuna kudziwa kumene zinthu zikulowera. Tanjenti yochepetsedwa ndi theka imaonetsa ngati kukwera kwa mitengo kwayamba kuchepa, pamene miyeso sinanene zimenezo.

Choncho funso loyamba si lakuti njira yabwino ndi iti, koma lakuti chinthu chimene ndikujambulachi chinkatani ndisanayambe kuchiyeza, ndipo chidzatani ndikasiya. Ngati chinali chiimire, tanjenti ndi 0. Ngati chikuzungulira, lumikizani mapeto. Ngati pali muyeso weniweni kunja kwa malire kapena liwiro lodziwika, gwiritsani ntchito zimenezo. Ngati miyeso ndi yoyera ndipo ikupindika mofanana, parabola idzakufikitsani pafupi kwambiri ndi choonadi. Ngati simukudziwa kanthu, kapena miyeso ndi yogwedezeka, tembenuzani sitepe yoyamba. Ndipo pa pulogalamu imene simunalembe nokha, pali kuyesa kosavuta: ipatseni manambala 0, 15, 20, 15, 0 pa njira ya masitepe ofanana, muone chimene ikupereka pakati pa chigawo choyamba. Ikapereka 7.19 ikubwereza kadontho, ikapereka 8.125 ikutembenuza sitepe, ikapereka 8.44 ikuwongola mapeto, ikapereka 8.75 ikutsata parabola. Mukadziwa zimene yakusankhirani, mukhoza kuona ngati zikugwirizana ndi chinthu chimene mukujambula, ndipo ngati sizikugwirizana, musinthe.